Nsawa zimene tinaswa chifukwa cha imelo ya ku Congo

Uthengawo unandipeza ndili pa mjigo, ndowa ili pakati. Mdzukulu wanga anabwera chothamanga, foni ili m'mwamba ngati watola mwana wa nkhanga. "Ambuya! Ayankha a ku Lubumbashi! Nsawa zathu atenga zonse!" Ine ndowa ndinaiwala. Ndinaimba nthungululu mpaka agalu a ku Madzimoyo konse anayankha, ndinavina, chitenje n'kumasuka, ndinamanga, ndinavinanso.

Mwanayu ndinalera ndine, mayi ake atatisiya. Anamaliza giredi 12, ndipo kalabu yathu ya amayi olima nsawa inamusankha kukhala mlembi, poti Chingerezi amachidziwa ndipo Chifalansa anachilawako kusekondale. Ndiye amene anapeza kampani ya ku Congo yogula nsawa zoswa, n'kuilembera imelo. Ndikamayenda pamsewu anthu ankati, awo ndi ambuya ake a mlembi. Ha, ndinkayenda ngati pansi pali kapeti.

Yankho linabwera m'Chifalansa. Iye anatimasulira pansi pa mtengo wa mango: akuti kunena zoona nsawa zikuwasowa, ndipo m'kupita kwa nthawi adzatenga zathu zonse. Amayi a tcheya anati, "Ndiye tiswe, asatipeze tili manja lende." Tinagwirizana kuti tiwalemberenso zonse zikakhala m'matumba, aone kuti sitili anthu amasewera.

Tinaswa, ana inu, tinaswa. Nsawa ikakhala m'khoko imadikira ngakhale mpaka dzinja, koma ukaivula chovala chake siichedwa kugwidwa ndi tizilombo. Tonse timadziwa zimenezo. Komabe tinaswa, ndi zambewu zomwe, masabata atatu, zala kuchita matuza, tikuimba. Mavenda ankabwera ndi masikelo awo, ife n'kumawaseka. "Pitani, bambo, zathu zili ndi pasipoti!"

Matumba atasokedwa, mwana analemba. Yankho linali lalifupi. Analiwerenga kawiri, kenako anati, "Ambuya, tiyeni ku Nabvutika." Kukomboni imeneyo ya ku Chipata kuli mayi wina wopuma pantchito, amene ankamuphunzitsa Chifalansa.

Aphunzitsiwo anavala magalasi, n'kupempha yankho loyamba lija. Anawerenga mlomo ukugwedera. "Mwana wanga, mawu awa unawayang'ana mu dikishonale?"

"Onse ovuta ndinawayang'ana, madamu."

"Nanga awiri awa?"

"Amenewo ndimawadziwa kale. Ali ngati a Chingerezi."

Mawuwo aphunzitsi anandilembera papepala, ndipo ndikuwakopera pano chilembo chimodzichimodzi: actuellement ndi éventuellement. Aphunzitsi anandifotokozera m'Chinyanja kuti nanenso ndimve. Loyambalo limafanana nkhope ndi actually, koma silitanthauza kunena zoona, limatanthauza pakali pano. Lachiwirilo limafanana ndi eventually, koma silitanthauza kuti chinthu chidzachitika ndithu pambuyo pake, limatanthauza mwina, zikatheka. Anthu aja analemba kuti pakali pano nsawa zikuwasowa, ndipo mwina angatenge zathu. Kunali kofunika kuwayankha tsiku lomwelo, kuwafunsa kuti mwinayo akudikira chiyani. Ife tinakhala chete masabata atatu, iwo n'kugula kwina.

"Mawu achilendo sapweteka, poti umawafunsa dzina," anatero aphunzitsi. "Opweteka ndi awa obwera ndi nkhope ya wachibale." Anatipatsa tiyi. Mwana sanamwe.

Ku msonkhano wa kalabu ndinapita nditavala chitenje changa chatsopano, kuti aone kuti sindikubisala. Mwana anaimirira, nanena zonse, osabisa kanthu. Mlamu wanga, amene anavina kuposa ine tsiku lija, ndiye anayamba. "Chifalansa cha pa mjigo! Mbewu yanga ndidzabzala imelo?" Wina anati, "Ambuya ake ndiwo anatikuwira nthungululu, atikuwirenso tione." Ndinati, "Alamu, kuswa tinagwirizana tonse, palibe anakugwirani dzanja." Koma mawu anga anagwera pansi. Amayi a tcheya anatambasula dzanja, mwana anapereka buku la kalabu ndi chidindo. Mavenda aja anabweranso, ulendo uno oseka anali iwo, ndipo nsawa zina zinali zitayamba kale kufumbwa.

Zitatha izi, mwana anakhala nane mwezi umodzi wokha. Kumjigo ankapita dzuwa lili paliwombo, nthawi yopanda anthu. Tsiku lina ndikusankha nyemba anati, "Ambuya, kampani ija ndailembera kupepesa. Liwu lililonse ndaliyang'ana, ngakhale moni." Ndinafunsa ngati ayankha. Anati ayankha bwino, koma iye wapeza malo m'sitolo ya azakhali ake ku Lusaka.

Ndinamuperekeza ku siteshoni ya mabasi ku Chipata, n'kukwera naye m'basi kukamukhazika pampando. Ndinati ndimuimbire kanyimbo kamene ndinkamugonetsa nako ali khanda, koma sindinaimbe. Ndinangomukonzera kolala ya bulauzi, ngakhale inali bwinobwino. Kondakitala anakuwa kuti amayi tsikani, basi ikunyamuka, ndipo ndinatsika.