Ndalama Imene a Sindidwala Sanakatenge

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso chokha. Mumsewu wawo aliyense ankawatchula kuti a Sindidwala, chifukwa ngakhale atsokomole mpaka agalu kuuwa, ukawafunsa ankayankha mawu omwewo. Anali wosoka nsapato. Anakhala pakhonde la sitolo imodzimodzi ndi ulusi, phula ndi kachitsulo koboolera, mpaka maso anayamba kukana bowo la singano, makutu nawo n'kuyamba kusankha zomva. Akazi awo atamwalira anatsala okha m'kachipinda koyandikana ndi malo owotcherera zitsulo, ndipo phokoso la pamenepo silinkawavuta mpang'ono pomwe.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, amene anapita kunja kwa dziko kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Zimenezi zinkawaseketsa a Sindidwala: mwana wako kukasambitsa nkhalamba za eni, yake ili kuno! Koma mumtima ankamunyadira kwambiri. Kucheza pafoni kunkawakanika, poti iye akati "mwadya?" iwo ankayankha kuti mvula sinagwe. Mauthenga ankawerenga atavala magalasi, koma kuyankha ayi. Ankati zala zimene zinazolowera chikopa sizingavine pa timabatani.

Kawiri pamwezi kafoni kawo kankanjenjemera ndi uthenga wa mwanayo. Munkakhala nambala yotengera ndalama ndi kuchuluka kwa ndalamayo. Iwo ankakopera nambalayo pachikhatho ndi cholembera, n'kuvala jekete, chiphaso m'thumba lamkati, ulendo wa kuofesi yolandirirako ndalama. Sankalola kuti dzuwa lilowe asanapite. Pawindo lagalasi mtsikana wopereka ndalama ankafunsa nambala, dzina la wotumiza ndi dziko limene ali, n'kuyerekeza dzina la pachiphaso ndi la pakompyuta chilembo ndi chilembo. Zikagwirizana ankawasainitsa, n'kuwapatsa zawo.

Chimene chinkawapsetsa mtima chinali chimodzi. Kutumiza kulikonse kampani inkadulapo yake, ndiye bwanji mwanayu osangounjika n'kutumiza kamodzi? Mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankagulitsa zovala kumsika, anawauzanso kuti masiku ano ndalama imatha kungolowa mufoni munthu uli gone. Mayiyo anamulembera mwanayo m'malo mwawo, koma yankho linali loti ababa azipitabe okha kuwindo. A Sindidwala anangopukusa mutu n'kunena kuti sukulu siichotsa liuma, ndipo aliyense ankadziwa kumene mwanayo analitengera.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina uthenga unafika monga mwa masiku onse. Analemba nambala pachikhatho, n'kukwera pampando kuti atsitse jekete pamsomali. Mutu unazungulira, mpando unapendama, ndipo anagwa chagada pasimenti, mwendo n'kulira ngati nkhuni youma. Foni inatsala pamwamba pa kabati. Chitseko chinali chotsekera mkati. Anakuwa, koma makina a owotcherera anameza mawu awo, ndipo pamene makinawo ankatonthola mawu anali atawathera. Mayi wa zovala ankachoka kusanache n'kubwera atatopa, ndipo kuona chitseko cha a Sindidwala chili chotseka sichinali chachilendo. Dzuwa linalowa, linatuluka, iwo ali pansi pomwepo, ludzu litawagwira pakhosi. Anachita mantha kwa nthawi yoyamba chimwalirireni akazi awo. Ankaona kuti afa khoma limodzi lokha litawalekanitsa ndi anthu.

Masana a tsiku lachiwirilo chitseko chinagwedezeka, kenako chinathyoka. Analowa mayi wa zovala, foni ili kukhutu, pambuyo pake owotcherera awiri ndi chitsulo chawo.

"Tawapeza, mwanawe, ali moyo," anatero mayiyo, misozi ili mbwembwembwe.

Kuchipatala, mwendo utamangidwa, a Sindidwala anathokoza mayiyo pomva kubuula kwawo. Iye anakana kuti sanamve kanthu. Anali kumsika, akutsatsa malonda, pamene mwana wawo anaimba ali kutsidya la nyanja kumuuza kuti asiye zonse athamange, ababa sali bwino. A Sindidwala anaganiza kuti makutu awanamizanso, ndipo anamuuza kuti abwereze. Munthu ali kutali chonchija, kumene ndege imauluka mpaka kutopa, wadziwa bwanji za m'chipinda chotseka?

Mayiyo anawaonetsa zithunzi zimene mwanayo anamutumizira, zojambula pafoni yake. Anafotokoza mokweza, pafupi ndi khutu, kuti wotumiza amatha kuilondola ndalama yake ndi nambala yomwe ija. Poyamba foni imati yatumizidwa. Kenako imati yafika, ikudikira mwiniwake. Ndipo mtsikana wa pawindo akangomaliza kupereka, uthenga umamupeza wotumiza nthawi yomweyo kuti yatengedwa. Popeza palibe wina angaitenge koma mwini dzina, atafika yekha ndi chiphaso chake, mawu akuti yatengedwa ankamuuza mwanayo kuti bambo ake adzuka, avala, ayenda ndi miyendo yawo mpaka kuwindo, ndipo dzanja lagwira cholembera. Ulendo uno tsiku linatha foni ikunenabe kuti ikudikira. Mwanayo anaimba foni ya bambo ake, osayankhidwa, koma zimenezo sizinamudabwitse. Kutacha anayang'ananso, anadikira kuti ofesi itsegule, anayang'ananso, mawu ali omwewo. Mpamene mtima unamuuza.

A Sindidwala anatukula dzanja. Anatembenuza chikhatho chawo, pamene nambala ija inkaonekabe mozilala. Zaka zonsezi ankayesa kuti akupita kukatenga ndalama, osadziwa kuti akupita kukaonekera kwa mwana wawo. Ndalama yodulidwa ija, imene ankaidandaula ngati yotaya m'madzi, ndiyo mwanayo ankalipira kuti amve zoona kuchokera kwa bambo amene pakamwa pawo sipankatuluka mawu ena koma akuti sindidwala. Anachita manyazi pang'ono, koma chachikulu chinali kuzizwa. Anapempha kuona zithunzizo kachiwiri, n'kumazigwira ndi chala mosamala ngati zingafufutike.

Ndalama ya kuchipatala mwanayo anatumiza ina, m'dzina la mayi wa zovala. Anafunsanso ngati asinthe dzina pa yoyamba ija kuti mayiyo akaitenge, poti wotumiza yekha ndiye angasinthe, komanso kampani siisunga ndalama mpaka kalekale. A Sindidwala anakana kwamtuwagalu. Anati imeneyo ili ndi mwiniwake.

Atangololedwa kuyenda ndi ndodo, nthawi yosungira isanathe, anavala jekete, imene tsopano inkakhala pamsomali wam'munsi. Mayi wa zovala anati awapezere galimoto, iwo anati ingowasiya pakona ya msewu wa kuofesi ija. Kuchokera pamenepo anadzikoka okha, kupuma pa mzati uliwonse, thukuta lili kamukamu. Mtsikana wa pawindo anawazindikira, anati anawasowa, n'kufunsa ngati anadwala. Pamzere panali ena owadziwa, ndipo anayamba kale kumwetulira podikira yankho lija.

"Ndinadwala, mwanangu," anatero a Sindidwala.

Anapereka chiphaso, anatchula nambala, dzina la mwana wawo ndi dziko limene ali, n'kusaina pang'onopang'ono. Ndalama itadutsa pansi pa galasi sanaiwerenge n'komwe. Maso awo anali pa zala za mtsikanayo pakompyuta.

"Mwadina kale?" anafunsa. "Dinani ndione. Kuli munthu akudikira kumva kuti ndayenda."