Ndinali Kuseka

Ndili mwana kwathu ku Malemia, anyamata tinkapikisana kukodza magazi mumtsinje wa Domasi. Malume ankati ndicho chizindikiro chakuti takula, ndipo sanapiteko kuchipatala.

Chaka chatha malumewo anatupa mimba n’kusanza magazi. Dokotala anati ndi likodzo. Anandifotokozera kuti mazira a tizilombo ta likodzo otuluka mumkodzo kapena m’chimbudzi amaswa m’madzi, tizilombo timaswana m’nkhono, kenako timaboola khungu la wosamba. Tizilomboto tikakula m’mitsempha ya magazi, mazira ake amakanirira m’chikhodzodzo n’kuchita zilonda, a mtundu wina amakanirira m’chiwindi mpaka chiwindicho kuuma.

“Mukanabwera kale,” anatero.

Tinawaika m’manda malume mvula isanayambe. Chimandiwawa mpaka lero n’chakuti ankachapa ndi kusamba kumunsi kwa pamene tinkakodzera, ine ndikuseka.