Masiku Awiri Amene Ndinabera Bambo

Ndivomere poyambirira pomwe: ndi ineyo amene ndinasintha nambala ija. Foni sinalakwitse, ofesi sinalakwitse. Chinali chala changa ichi, ndipo chikadali pamalo pake.

Uthenga wa maliro unatipeza Lamulungu masana, titangofika kunyumba ku Area 25 kuchokera kutchalitchi. Azakhali, mlongo wawo yekhayo wa bambo, anali atatisiya ku Rumphi. Amayi anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira. Bambo sanalire. Anavula jekete, n'kung'amba pepala pakati pa kope langa la Bayoloje, n'kukhala patebulo.

Bambo ndi mlonda pageti ya nyumba ina yosungiramo katundu ku Kanengo, ndipo ndi mkulu wa mpingo amene salemba kalata opanda lula. Analemba adiresi kumanja, ina kumanzere, mutu n'kuudula mzere kunsi. "Wolemekezeka Bwana, ndi mtima wosweka komanso modzichepetsa kwambiri ndalemba kalata ino, poyamba kufuna kudziwa za moyo wanu..." Za maliro zinatulukira m'ndime yachitatu. Anapempha masiku atatu: Lolemba ulendo, Lachiwiri kuika maliro, Lachitatu kubwerera.

Koma ofesi inali yotseka, ndipo basi inali ya m'mamawa. Anaimbira akapitawo awo, ine ndikumva chifukwa kafoni ka bambo ka mabatani kamalankhula ngati wailesi.

"Pepani madala. Kalatayo isungeni. Tumizani meseji ku nambala ya ofesi ija, koma ikhale imodzi. Makina athu amatenga zilembo 160, zotsalazo zimagwera m'madzi. Mukatchule nambala yanu, chifukwa, masiku, ndi tsiku lobwerera. Popanda zimenezo mulembedwa kuti mwajomba."

Bambo anali kale ndi chenjezo limodzi, la tsiku lina minibasi itawafera pamsewu wa M1. Chenjezo lachiwiri likanatanthauza kubweza yunifolomu.

Anayamba okha kudina. Pakona ya sikirini pali kanambala kamene kamayambira pa 160 n'kumatsika. Kanafika pa ziro bambo akadali kufunsa za moyo wa bwana, kenaka kanalumphira ku meseji yachiwiri.

"Iwe, foniyi yatani?"

"Yakhuta ulemu, bambo. Azakhali sanalowemo n'komwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandikankhira foni ndi kalata. Sindinaonepo bambo akundipatsa chinthu mwa mtundu umenewo, ngati munthu wopereka mkono kwa dokotala.

Ndinayamba kusenga. Maadiresi kunja. Moyo wa bwana kunja. Mtima wosweka kunja.

"Umenewo usiye."

"Bambo, ngakhale mpata wa pakati pa mawu amauwerenga ngati chilembo. Musankhe, mtima wosweka kapena tsiku lobwerera."

"Ndiye ndikalankhule ndi bwana ngati ndikuitana kondakitala?"

"Kondakitala amamva msanga."

Sanaseke. Panja azimayi a kumpingo anali atayamba kufika, akuimba motsitsa. Nditamaliza tinali titapyola ndi zilembo ziwiri. Ndinati tichotse "Zikomo", bambo anati ndiyambe ndachotsa mutu wanga. Ndiye ndinasintha "Ndidzayamba ntchito" kukhala "Ndidzabwera", malo n'kutsala a zilembo zisanu ndi chimodzi. Bambo atawaona malowo anawakhumbira ngati munda. Anafuna "Chonde". Ndi mpata wake anapyola ndi chimodzi, choncho ndinadula kadontho komalizira. Ndinawawerengera:

"Bwana, ndine mlonda 214, geti ya Kanengo. Mlongo wanga wamwalira ku Rumphi. Chonde ndikupempha tchuthi masiku 3 kuyambira Lolemba. Ndidzabwera Lachinayi. Zikomo"

Kanambala kanali pa ziro ndendende. Bambo anavala magalasi, n'kuwerenga okha kawiri.

"Mlongo wanga wamwalira," anatero. "Mawu atatu basi. Munthu amene anandibereka kumsana."

"Bwanji osapempha masiku asanu? Ku Rumphi si ku Lumbadzi."

"Wopempha satambasula dzanja lonse. Tumiza."

Abusa anagogoda, bambo n'kutuluka kukawalandira. Ndinatsala ndekha ndi foni. Apa mpamene ndinaona chinthu chokoma: 3 ndi 5 amadya malo ofanana. Ndinafufuta 3, ndinaika 5. Lachinayi linasanduka Loweruka, limene ndi lalifupi ndi chilembo chimodzi, mwakuti ndinabwezeretsa ndi kadontho kaja. Meseji yaukhondo kuposa yoyamba. Ndinatumiza, n'kuifufuta m'foni kuti asaione. Musandiyese woyera mtima. Chisoni ndinali nacho, inde, koma chachikulu ndinkafuna kuona ngati bwana woopedwayo angagwe m'manja mwa mwana wa Folomu 3.

Anagwa. Dzuwa lisanalowe yankho linabwera: "Zavomerezeka. Pepani ndi zovutazi." Za masiku sanatchule. Bambo anapuma mozama, n'kupinda kalata yawo ija kuika m'Baibulo.

Sindinaulule pomwepo, chifukwa akanatumiza ina yokonza. Ndinadikira mpaka Lachiwiri madzulo, ataika maliro. Bambo ndi amayi anali atapita ku Rumphi, ine n'kutsala kunyumba ndi achemwali anga, ndiye ndinaimbira bambo pafoni ya achemwaliwo.

"Bambo, musathamange. Muli ndi tchuthi mpaka Loweruka. Ndinasintha meseji ija."

Chapatali ndinkamva mbale zikugundana ndi mwana akulira.

"Iwe," anatero bambo, mawu atasasa, "ngakhale pamaliro?"

Vuto langa ndi mbiri. Ndine amene ndinauza mzere wonse wa nyumba zathu kuti madzi atseka sabata yathunthu, anthu n'kudzaza ndi mapoto omwe. Ndine amene ndinatumiza akwaya ku ukwati umene kunalibe. Ndinalumbira, achemwali anandithandiza kulumbira, koma iwonso sanaione mesejiyo. Bambo anafufuza m'foni mwawo, osapeza kanthu. Umboni ndinali nditaudya ndekha.

"Imbirani akapitawo muwafunse."

"Kuti aziti ndikufuna kuwonjezera masiku mwaukathyali? Bwana safunsidwa kawiri."

Anadula.

Amayi anatsala kumudzi. Bambo ananyamuka Lachitatu kusanache, abale asanakhale pansi kukambirana za ana atatu amene azakhali anasiya. Mwini mbumba anachoka pamaliro a mlongo wake ngati mlendo wongodutsa. Anafika madzulo fumbi lili m'tsitsi, anasita yunifolomu, Lachinayi n'kulawira ku Kanengo.

Isanakwane naini koloko anali atabwerako. Pageti anapeza mlonda wina amene anaikidwa m'malo mwawo mpaka Loweruka, ndipo akapitawo anawaonetsa meseji yonse, ndi kadontho komwe.

Sanandimenye. Anakhala pampando wa pakhonde osavula yunifolomu, chipewa pabondo, akuyang'ana mpanda. Kubwerera ku Rumphi sikukanatheka. Masiku awiri amene ndinawabera anawathera pamenepo, pamene kumudzi anthu ena ankagawana ana a mlongo wawo. Lachisanu ndinawamva akufunsa amayi pafoni kuti wamng'ono uja wapita kwa yani. Anayankha kuti "Chabwino," kenaka anapukuta magalasi nthawi yaitali.

Ine ndimati akanandikhulupirira, bwenzi nkhaniyi ikukambidwa mondiyamikira. Achemwali amati ndikanakhala munthu wokhulupirika. Timasiyana pamenepo.

Chilango chinabwera Loweruka madzulo. Bambo anang'ambanso mapepala m'kope langa la Bayoloje lomwe lija, n'kundiuza kuti ndilembe kalata yopepesa kwa akapitawo, masamba awiri odzaza, maadiresi onse awiri, mutu wodulidwa mzere ndi lula, ndipo ndikaipereke ndekha wapansi ku Kanengo.

Ndinawauza kuti ndikhoza kuimaliza m'zilembo makumi anayi. Anawonjezera tsamba lachitatu.

Ndinalidzaza bwinobwino. Tsamba loyamba lonse ndinafunsa za moyo wa akapitawo, wa akazi awo, wa ana, ndi wa nkhuku ngati ali nazo.