Nkhuku ya Tulanu

Mwana wanga wamkazi anakulira kuno ku Perth. Chichewa amamva bwinobwino, koma ukamufunsa amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Zinkandipweteka, sindibisa. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzandilira m'chilankhulo chaeni.

Atayamba yunivesite analowa gulu la masewero a patebulo, aja munthu mmodzi amapeka dziko lonse, anzake n'kumasewera ngati anthu a m'dzikomo. Wopeka anali iyeyo. Loweruka lina ndinabwera kuchokera ku ntchito ku Kwinana, ovolosi ikununkha girisi, ndinamupeza pakhonde la nyumba yathu ku Rockingham atagwira tsaya. Anati anzake akulephera kusunga maina a mtundu wa anthu a m'mapiri amene anawapeka. Aliyense ankangoti "mfumu ija", "mkazi uja", masewero n'kuzizira.

Ndinamuuza kuti andiwerengere. Mfumu inali Xrath, mlongo wake Elowine, mwana wa mfumuyo Zug.

"Iwe, anthuwa ndi a mimba imodzi?" ndinafunsa. "Kapena anakumana pa depoti?"

Anaseka, ine n'kukoka mpando. Za mabuku sindidziwa zambiri, koma khutu ndili nalo. Ndinamuuza kuti ukamva dzina la Mtumbuka kapena la Myao umadziwa asanakuuze, chifukwa anthu amodzi amawumba mawu ndi zipangizo zimodzi. Tinagwirizana kuti anthu akewo akhale ndi malembo ochepa: t, k, m, n, l, s ndi v, ndipo a liwu atatu okha, a, e ndi u. Phatikizo lililonse lithere pa lembo la liwu. Iye anawonjezera lamulo lake, lakuti mb ndi nd zisalowemo, kuopa kuti anthuwo angakhale Achewa ovala zovala zina.

Kenako tinawumba timawu tochepa ta tanthauzo. Tu ndi mphepo, vu madzi, sale mwala, keme moto, lanu kubwerera. Dzina lililonse likhale timawu tiwiri tolumikiza. Mfumu inasanduka Salekeme, mlongo wake Vusale, mwana Kemetu. Tinkawatchula mokweza, lomwe lakola lilime n'kulitaya. Koma tisanafike pa timawuto, iye anali atalemba kale dzina lina la mfumuyo, lotsatira malembo athu onse: Malemu. Amayi ake a mwana wangayu atalimva anatuluka m'khitchini misozi ili chuchuchu ndi phwete. Kuyambira pamenepo dzina lililonse linkadutsa kaye kwa iwo, aone ngati silinena kanthu kwathu.

Ine ndinakomedwa, ndinayamba kuwaza maina ngati chimanga cha nkhuku. Ndinati msilikali akhale Ndumbale. Anapukusa mutu, nati ameneyo ndi mlendo, si wa m'phiri lake. Ndinakwiya pang'ono, poti lamulolo tinali titangopangana, ine mwini n'kukhala woyamba kuliswa.

Anatsala munthu mmodzi wopanda dzina, mtsikana amene nkhani yonse inkazungulira pa iye. Mwana wanga anayesa awa ndi awa, onse ankamukanika. Ndinamuuza kuti vuto lake akufuna kutcha yekha mwana wake. Kwathu kawirikawiri dzina limachokera kwa wachibale amene makolo amupempha. Amanyamula khandalo, amayang'ana zimene banja ladutsamo, n'kutchula dzina, ndipo sachoka osasiya mphatso. Anandifunsa kuti nanga lake anamutcha ndani. Ndinamuuza kuti azakhali ake, mlongo wanga, ndipo anabwera ndi nkhuku yoyera itamangidwa miyendo. Zimenezi anali asanazimvepo, ndipo ndinachita manyazi kuti sindinamuuze kale.

Kenako anakankhira kompyuta yake kwa ine kuti ndimutche mtsikanayo. Ndinafunsa kuti ndi wotani. Anati anatengedwa ali wamng'ono kupita kuchigwa, ndipo akufuna njira ya kwawo. Sindinamuyang'ane kumaso. Ndinalumikiza mphepo ndi kubwerera.

"Tulanu," ndinatero.

Analitchula kawiri, pang'onopang'ono, n'kugwedeza mutu kuvomera. Sabata yotsatira anzake anabwera kudzasewerera kwathu, ndipo ndili m'galaja ndinamva mnyamata wa ku Australia konkuno akukuwa kuti Vusale wamupereka Tulanu kwa adani. Palibe anafunsa kuti ameneyo ndi uti.

Anzakewo atapita, mwana wanga anaima pakhomo la galaja manja ali m'chiuno, ngati azakhali ake enieni. Anatsokomola kaye, n'kuyankhula m'Chichewa, chopindika koma chathunthu.

"Adadi, mwanayu mwatcha ndinu. Nkhuku yake ili kuti?"

Sipanala inandipulumuka m'manja. Ndinatenga makiyi a galimoto ndili ndi girisi yemweyo, ulendo wa kusitolo kukagula yowotcha kale, ndipo njira yonse ndinkaseka ndekha ngati wamisala.