Mzere wa makumi awiri ndi ziwiri

Pepala lija ndinadana nalo tsiku lomwe ndinaliona. Linali ndi mzere wotsika pakati, wogawa tsamba m'madanga awiri. Kumanzere kunali zimene maso adzaone: nambala ya chithunzi, zimene zili m'chithunzicho, ndi masekondi amene chidzakhale pansalu. Kumanja kunali mawu oti wolankhula anene, chiganizo chilichonse moyang'anizana ndi chithunzi chake. Malo ena kumanjako kunalibe kanthu. Ine, munthu amene ndinkapambana pa chimangirizo kusukulu ya mishoni, ndinaona ngati ndi ntchito ya munthu wosadziwa kulemba.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinali kalaliki wamng'ono ku ofesi ya malimidwe ku boma la Petauke, ndipo ndinakwatira ku Nyampande. Bambo anga anamwalira ndili wakhanda, choncho apongozi anga aamuna ndiwo anali bambo amene ndinawadziwa. Titabereka mwana woyamba iwo ndiwo anayamba kundiitana kuti tidyere pamodzi, manyazi a chipongozi n'kuwaika pambali. Anali mlimi woti anthu ankachoka kutali kudzaona munda wawo. Mizere yawo inkatsata phiri mopingasa, ndipo mvula ikagwa madzi ankakhala m'mundamo osakokolola nthaka.

Atabwera anthu ojambula filimu yophunzitsa kuteteza nthaka, n'kufunsa za mlimi wabwino, ndine ndinatchula apongozi anga. Iwo anakana kawiri. Anati anthu adzati agulitsa nkhope kwa azungu a Chitaganya, ndipo masiku amenewo mawu otere sanali ocheza. Ndinawanyengerera mpaka anavomera. Tsiku lojambula anavala jekete lawo la kutchalitchi, dzuwa likuswa mtengo.

M'gulu la ojambulawo munali bambo wina wa ku Nyasaland amene ntchito yake inali kudula filimu ndi kuilumikiza. Ankayenda ndi mapepala a madanga awiriwo, pensulo ili kukhutu. Ndinamufunsa chifukwa chake salemba nkhaniyo bwinobwino ngati m'buku.

"Achimwene, m'buku mulibe nsalu," anatero. "Ine ndikakhala pa tebulo ndi lumo ndimatsika ndi danga lamanzere. Ndikachotsa chithunzi, ndimafufuta mzere wonse, mawu ake amapita nacho limodzi. Ndikaona mawu ataliatali pa chithunzi chachifupi, ndimadziwa kuti pali mlandu: kaya nditalikitse chithunzi, kaya adule mawu. Mundipatse ndime yanuyo, ndiziyamba kusaka kuti mawu awa ndi a ng'ombe kapena a khasu?"

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Mumtima ndinati ameneyu ndi telala chabe.

Filimu inabwera patapita miyezi, yosalankhula, pamodzi ndi mapepala ake achizungu. Mawu ankanenedwa pompo ndi munthu wogwira chimkuzamawu pambali pa makina. Amene ankagwira ntchitoyi pa galimoto yathu ya kanema anali mkulu wina wa ku Kaumbwe, wa mawu ngati ng'oma, koma mlungu umenewo chifuwa chinamugwira, mawu n'kutsekeka. Akuluakulu a ku ofesi anandisankha ine kuti ndimasulire mapepalawo m'Chinyanja ndi kukalankhula. Malo oyamba kuonetsa anali ku Nyampande komweko, kuti eni nkhope adzione. Ndinanyada mpaka ndinagula tayi.

Ndinakamuona mkuluyo ali gone pakhonde. Anatenga mapepala n'kuyika chala pa danga lamanja, akunong'ona.

"Chinyanja n'chitali, mwana wanga. Mzungu akakamba mau atatu, iwe ufuna asanu na limozi. Masulila mzele umozi umozi, utenge nkoloko, uwelenge mokweza. Ngati chapitilila masekondi, dula. Chala chako chisachoke pa nambala, liso limozi pa pepala, linzake pa nsalu. Apa pamene palibe kanthu ni pako popumila, osati poikapo nzelu zako."

Ndinathokoza, koma ndikutuluka ndinadziuza kuti tsobola wakale sawawa. Anthu a kwa mkazi wanga akamve tiziganizo toduladula ngati ta mwana wa Sabu A, woyamba kumene sukulu? Ndinakhala pa taipi masiku awiri. Ndinachotsa mzere wapakati, ndinataya manambala ndi masekondi, mawu onse ndinawalumikiza kukhala ndime zitatu zokoma, n'kuthiramo ndi miyambi. Filimuyo ndinaionera kamodzi kokha mu ofesi, osawerenga mawu anga motsatana nayo. Nkhani ndinkaidziwa, ndiye vuto likanachokera kuti?

Ndiyenera kufotokoza mmene mizere itatu inayendera pa pepala loyamba lija. Wa makumi awiri ndi chimodzi unali munda wokokoloka, wa zigwembe ndi tchire, wojambulidwa kwina kumene kunalibe mwini wake pafupi. Mawu ake anali odzudzula ulesi. Wa makumi awiri ndi ziwiri unali nkhope ya apongozi anga, masekondi asanu ndi limodzi, kumanja kopanda mawu. Wa makumi awiri ndi zitatu unali munda wawo, ndi mawu owatamanda.

Tinaonetsera m'kalasi masana, mazenera titatseka ndi masaka ndi mabulangete. Munadzaza mpaka ana anakwera pa mitanda ya denga. Apongozi anawaika pa mpando kutsogolo, jekete lomwe lija, mkazi wanga ndi amayi ake atakhala pansi cha kumbuyo kwawo. Injini inalira panja, nsalu inawala, ine ndinayamba.

Poyamba zinayenda. Kenaka ndinaona kuti ndikukamba za mvula pamene pansalu pali kale ng'ombe. Ndinathamangitsa lilime, koma ndime ilibe poti munthu n'kudumphira. Pakanakhala manambala ndikanasiya chiganizo n'kupita pa mzere woyenera. Ine ndinali ndi khoma la zilembo, ndipo ndikakweza maso ndinkasokera. Ndiye ndinasiya kuyang'ana nsalu. Ndinaweramira pepala n'kumawerenga ndi mawu anga onse, mpaka ndinafika pa chiganizo chimene ndinkachinyadira kuposa zonse, chimene pa chizungu panalibe, changachanga:

"Taonani ulesi mmene umaonekera! Njala yake ndi yodziitanira, ndipo ana ake adzapemphetsa kwa anzawo."

M'kalasi munaphulika phwete. Ndinakweza maso. Nsalu yonse inali nkhope ya apongozi anga, akumwetulira pang'ono monga anawauzira ojambula. Anthu anaseka, ana akumenya mitanda, wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mkamwini waulula!" Munda wawo wabwino unadutsa m'phokosomo, ine ndikusakasaka malo pa pepala. Pamene ndinkapeza mawu owatamanda, pansalu panali mbuzi.

Zitseko zitatsegulidwa ndinaima pakhomo n'kumafotokoza kuti mawu anachedwa, kuti waulesi sanali iwo. Anthu anavomera, inde, inde, akupukuta misozi ya kuseka. Aliyense ankadziwa munda wa apongozi anga, palibe anakhulupirira kuti ndi waulesi. Koma mawu onenedwa pa chimkuzamawu, ndi mkamwini, nkhope ili ngati khomo la nyumba, amakoma kuwabwereza. Ndipo amene ankawachitira kaduka, ndi amene ankati anagulitsa nkhope, anapeza ndiwo. Pofika Lamlungu ana ankawatsata kumbuyo akuti, "Taonani ulesi!"

Apongoziwo sanandikalipire. Ndikanakonda akanandimenya ndi mpini. Anatuluka m'kalasimo, anavula jekete n'kulipinda pamkono, ulendo kunyumba. Madzulo ndinapita kukagwada pakhomo pawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Namvela, atata," anatero. "Pitani mukapumule. Mwasewenza."

Kuyambira tsiku limenelo chakudya changa chinkabwera kunyumba kwanga. Ankandilonjera mwaulemu wonse, ulemu umene umaperekedwa kwa mlendo. Mkazi wanga anandifunsa funso limodzi lokha, ngati mawu amenewo analemba ndi mzungu. Ndikananama, ndipo akanakhulupirira. Ndinati ndinalemba ndine. Anatenga ndowa n'kupita kumadzi, ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Ndinabwerera ku taipi. Ndinajambula mzere pakati, ndinabwezera manambala, ndinamasulira mzere umodzi umodzi nkoloko ili patebulo, miyambi yanga yonse n'kuitaya. Mkulu wa ku Kaumbwe anachira koma mawu ake sanabwerere bwino, ntchito inakhala yanga. Tinazungulira nayo filimuyo ku Kaumbwe, ku Ndake kwa alimi a thonje, mpaka ku Nyimba. Sindinaphonyenso ngakhale kamodzi. Ndinaona kukoma kwake kwa pepala lija: umadziwa chimene chikubwera chisanafike, umadziwa popumira, ukatsalira umadumpha osagwa. Pa mzere wa makumi awiri ndi ziwiri ndinkatseka pakamwa, ndipo alendo osawadziwa apongozi anga ankayang'ana nkhope ija mwakachetechete, kenaka munda, ena n'kuwomba m'manja. Ndinkalira mumtima nthawi zonse, chifukwa ulemu umenewo unkaperekedwa kumene mwini wake kunalibe.

Ndinapempha kuti galimoto ibwererenso ku Nyampande. Ku ofesi anandiuza kuti midzi ndi yambiri, aliyense kamodzi. Ndinapempha apongozi kuti ndiwatenge pa njinga akaonere ku Petauke. Anati miyendo ikuwawa. Anthu akabwera kudzaona munda ankatuma mlamu wanga kuti akawaonetse, iwo n'kulowa m'nyumba. Jekete lija anapatsa mphwawo.

Nyengo ya mvula inadutsa kawiri asanadwale matenda amene anawatenga. Ndinapempha tchuthi n'kupita. Ndinawapeza atawagoneka pa mphasa pansi pa mango, ataonda, ndipo anauza akazi kuti atisiye. Ndinakhala chapatali monga ndinali nditazolowera. Anandikodola kuti ndisendere.

"Atata, nifunseko. Pa pepala ya azungu ija, pa nkhope yanga, analembapo chinji?"

Ndinati sanalembepo kanthu.

"Olo liu limozi?"

Ndinafotokoza kuti kumanzere kunali nkhope yawo ndi masekondi, kumanja kunali koyera, kuti anthu awaone okha popanda wowauza choti aganize. Ndinkayembekeza kuti mwina tsopano anditukwana, kapena andikhululukira, chilichonse mwa ziwirizi ndikanachilandira ndi manja awiri.

"Kansi azungu aja enze anthu aulemu," anatero. "Zaka zonsezi nenze kuganiza kuti anakukakamizani."

Apo ndinazindikira kuti mkazi wanga sanawauze kuti mawu aja ndinalemba ndine. Anatembenukira kumbali, napempha kuti ndiitane mwana wawoyo awabweretsere madzi.