Januwale wa uvuni wa bambo anga

Bambo anga ankaphika masikono ku Nkando, n'kumaperekera m'matiyirumu a kufupi ndi maesiteti a tiyi. Amayi atamwalira anatsala okha ndi uvuni wawo. Ine ndinali ku Limbe, ndikugulitsa m'sitolo ya mwini, ntchito yongoti mwana wanga asagone ndi njala.

Kumayambiriro kwa Febuluwale anandiimbira foni.

"Mwanangu, siya ntchitoyo ubwere. Maoda akwera. Mu Seputembala ndinkatulutsa mathireyi anayi pa tsiku, Januwale yense ndatulutsa asanu ndi awiri. Uvuniwu utidyetsa tonse."

Mtima wanga unali kale m'minibasi. Ndinali nditatopa nalo tauni. Koma ine ndine wamantha pa nkhani ya ntchito, choncho ndinangopempha tchuthi cha Loweruka n'kupita kukaona ndi maso.

Ndinawapeza ataonda, ufa uli mbuu m'manja. Eni matiyirumu ankaoda potumiza mauthenga pa foni, ndipo bambo sankadziwa kufufuta chilichonse. Ndinakhala pakhonde n'kubwerera nawo mauthengawo mpaka chaka chathacho. Ndinkawerenga mathireyi, osati ndalama, poti mitengo inali itakwera ndipo ikanandinamiza.

Kwathu mvula ikagwa tiyi amaphukira, maesiteti amalemba aganyu ambiri othyola masamba, ndipo aliyense amafuna sikono m'mawa. Ikasiya, aganyu amabwerera kwawo, matiyirumu n'kuzizira. Kuyerekeza Januwale ndi Seputembala n'kuyeza mvula, osati malonda. Januwale amayenera kuima ndi Januwale mnzake.

Ndinawaimika pamodzi ma Januwale awiriwo. Wa chaka chathacho anali ndi mathireyi asanu ndi anayi pa tsiku. Matiyirumu awiri anali atasiya kuoda. Ankagula buledi wobwera panjinga kuchokera ku Muloza. Malonda sanali kukula ayi, anali kutha, mvula n'kumawabisa.

Zinandipweteka, ndipo ndinapsa mtima ndi foniyo ngati ndiyo yalakwa.

"Ababa," ndinatero, "Januwale wa chaka chatha anaposa uyu. Pofika Juni uvuniwu sudzadyetsa anthu atatu."

Ndinkayembekeza kuti akana, poti bambo anga pa makani sankagonja ngakhale kwa abusa. Anangopukuta manja pa thalauza, maso ali ku phiri.

"Ndimadziwa," anatero. "Ndayamba kuphikira anthu a tiyi iwe usanabadwe. Ukuyesa mvula sindiidziwa?"

"Nanga munandiitaniranji?"

"M'nyumbamu muli zii, mwanangu."

Masamu anga anali olondola, ndipo ndinadana nawo. Mwana wanga anali pa sukulu, ndipo uvuni womwe ukutha sukanamuphunzitsa. Ndinawapempha kuti tipite limodzi ku Limbe, koma anati sangasiye manda a amayi opanda wolambula.

Lamulungu anandiperekeza pa siteji. Minibasi itayamba kuyenda, anasendera pawindo n'kunena motsitsa:

"Chaka chamawa ndikadzakuimbiranso, usadzawerenge. Udzangobwera."

Chaka chamawacho amene anandiimbira anali aneba, osati bambo.