Thumba Limodzi, Mawilibala Awiri

Makoma onse a ku Limbe ndinamanga ndine, ena ndi dzanja limodzi, kwinaku ndikudya chinangwa. Chabwino, ndanama. Ine ngakhale khola la nkhunda linandigwera. Womanga weniweni ndi Lines, mwana wa mchemwali wanga.

Lines anaphunzira ntchitoyi kwa bambo ake, mwana wa anthu amene anachokera ku Mozambiki wapansi. Atamwalira anamusiyira ndowa yachitsulo yopindika ndi lamulo limodzi: choyezera simenti chikhalenso choyezera mchenga. Amayenda ndi msomali m'thumba. Akafika pa khoma la munthu wina sapereka moni, amayamba wakanda.

Chaka chatha, mvula ili pafupi, a Clifton a ku Chimwankhunda anamupatsa ntchito yomanga khoma lotchinga dothi kumunsi kwa poloti yawo. Malowo ndi otsetsereka moti nkhuku ikaikira dzira kumtunda, mwini wake amakalitola ku Chitawira. Pansi penipeni pa khomalo pali nyumba ya mayi Faida, ndipo chipinda chogona ana awo atatu chinayang'ana komweko.

Atangomaliza maziko, Lines anaitanidwa kumaliro ku Mulanje. Anasiya amisiri ake awiri, ndipo a Clifton anagwira ine kuti ndiziyang'anira.

"Simenti imodzi, mchenga folo," anatero Lines akukwera minibasi. "Mwamva, amalume?"

Anabwerako patatha masiku anayi. Khoma linali litafika m'khosi, losalala bwino, dothi atalithira kale kuseri kwake. Mitambo inali itaunjikana pa phiri la Soche, yakuda ngati kunsi kwa mphika, ndipo mphepo inali itasiya kuwomba. Lines sanamwetulire. Anayang'ana mulu wa mchenga: watha. Anayang'ana matumba a simenti: theka akadali osatsegula.

Anatulutsa msomali n'kukanda pakati pa njerwa za mzere woyamba, zimene zinali zitagona masiku anayi. Matope anayoyoka ngati mgaiwa. Msomali unalowa wonse.

"Mwasakaniza bwanji?"

"Mmene munanenera, abwana," anayankha mmisiri wina. "Thumba limodzi, mawilibala folo. Madzi tinkawonjezera kuti matope aziterera, ntchito iziyenda."

Lines sanakalipe, ndipo pamenepo ndiye poopsa. Anang'amba thumba la simenti n'kulikhuthulira mu wilibala yopanda kanthu. Simenti inalekeza pakati.

"Bwerani muone, a Clifton. Thumba ndi theka la wilibala. Ndiye mawilibala folo a mchenga ndi matumba eyiti. Mwamanga imodzi kwa eyiti, osati imodzi kwa folo. Thumba limodzi limafuna mawilibala awiri basi. Kenako mwathiramo madzi ngati phala la wodwala, chonsecho mchengawo unali wonyowa kale. Madzi ochuluka akauma amasiya timabowo, mphamvu n'kuthera pomwepo."

"Koma laima bwinobwino," anatero a Clifton. "Tingolipaka pulasitala wamphamvu."

"Pulasitala ndi malaya, bambo. Dothi ili likamwa madzi lidzalemera, lidzakankha. Khoma silidzagwera kwanu."

Onse anayang'ana kumunsi. Mayi Faida anali akuanula zovala msangamsanga, wakhanda ali kumbuyo, ena awiri akusewera pansi pa zenera. Kutali kunamveka bingu.

"Ligwetsedwe lero," anatero Lines. "Dothi lichotsedwe, njerwa tiyale pambali. Mukakana, ndipita ndikawauze mayiwo asamuke, ndipo ndikawauza chifukwa chake."

A Clifton anapukuta thukuta, n'kugwedeza mutu movomera.

Hamala sinafunike. Njerwa zinkazuka ndi manja ngati mano a nkhalamba, zili zoyera, matope osamatirira n'komwe. Palibe anaseka. Mafosholo ankangolira, aliyense akuba kuyang'ana ku Soche. Lines anatsikira kwa mayi Faida n'kuwapempha kuti ana agone pabalaza mpaka khoma latsopano litauma. Mayiwo anayang'ana chimulu cha dothi kumtunda kwa denga lawo, n'kuyamba kukoka matiresi.

Madontho oyamba akugwa, akuluakulu ngati mazira a bakha, mzere womaliza unali utachoka. Lines anatenga ndowa ya bambo ake ija n'kuiika pamulu wa njerwa.

"Mawa tiyeza ndi iyi. Imodzi simenti, zinayi mchenga, zonse zosefukira mofanana. Ndiwerenga ndekha."

Apa ine ndinatsokomola.

"Ndinawauza anyamatawa, Lines. Mawilibala awiri! Ndinakuwa mpaka ku Chichiri anandimva."

Lines anandigwira dzanja n'kupita nane kukhoma la chimbudzi. Pamenepo panali polembedwa ndi khala, zilembo zikuluzikulu: THUMBA 1, WILIBALA 4.

"Amalume," anatero, mvula ikuyamba kumenya malata a mayi Faida, "folo wopendekera chonchiyu, m'banja mwathu monse amalemba ndani?"